Golide wa agogo alibe chidindo: momwe mungamuyesere pakhomo

Azakhali anga a kwa Mpondasi anandibweretsera tcheni chimene anasiya malemu agogo, chomangidwa m'kansalu. Wina anali atawauza kale kuti n'chabodza poti chilibe nambala, ndipo anafuna kuchigula pamtengo wa usipa. Koma chidindo, nambala yosonyeza kuchuluka kwa golide monga 375, 750 kapena 916, chimatha kufufutika ndi zaka, chimadulidwa pochepetsa mphete, ndipo amisiri ambiri akale sankadinda n'komwe. Nazi zimene tinachita.

Yambani n'kutsuka. Madzi ofunda, sopo pang'ono ndi mswachi wakale zakwana. Phulusa kapena mchenga wa kunyanja ayi, mungakande chinthu cha eni. Mukapukuta, tulukani nacho pakhonde masana, muchiike pansalu yoyera pambali pa mphete imene mukuidziwa bwino makarati ake, omwe ndi muyeso wa kuchuluka kwa golide m'chinthu.

Golide wa makarati 22, amene amakonda amwenye ndi Aluya, amakhala wachikasu chakupsa ngati pakati pa dzira la nkhuku yachikuda. Wa makarati 9, wofala pa zinthu zochokera ku Joni, ndi wotuwirako, nthawi zina wofiirira, ndipo akakhalitsa m'sutikesi amada chifukwa golide weniweni m'menemo ndi magawo 375 okha pa 1,000. Komabe mtundu ndi mboni yofooka. Zongopaka pamwamba nazo zimawala chikasu chokoma, mwinanso kuposa zenizeni, chifukwa kachikopa kopakidwako kamakhala golide wabwino ndithu. Tcheni cha agogo chinali chachikasu chakupsa, koma sindinathamangire kulonjeza kanthu.

Kenako onani chokolera. Pa tchenichi panali kangowe kopindika ngati chilembo S, kopanda sipuling'i, kamene umakatsegula ndi kukatseka pokapinda ndi zala. Amisiri a golide wa 22 amakonda kameneka chifukwa golide wotere ndi wofewa. Ndolo zawonso zambiri zimakhala ndi kamtengo konenepa komanga ngati sikuluu. Chokolera chokhala ngati chala cha nkhanu, chotsegula ndi chikhadabo, n'chamasiku ano. Mukachipeza pa tcheni chimene akuti n'cha makolo, mwina chinasinthidwa, ndiye musaweruze tcheni chonse ndi icho. Yang'ananinso kamphete kolumikiza chokolera ndi tcheni. Pa golide weniweni kawirikawiri kamakhala kowotcherera, pamene pa zotchipa amangokapanikiza, mpata ukuoneka.

Apa ambiri amalakwitsa ndi maginito. Chokolera cha sipuling'i chimakokedwa pang'ono ngakhale chili chagolide, poti kasipuling'iko n'kachitsulo. Yesani pakati pa tcheni. Chikakakamira, nkhani yatha, si golide. Chikapanda kukakamira simunadziwebe kanthu, chifukwa mkuwa nawo sukokedwa.

Mboni yamphamvu ndi kaperepesekedwe. Tengani foni, mukuze chithunzi, muyang'ane malo amene akhala akukhulana zaka zonsezi: m'kati mwa timphete ta tcheni pamene tikumana, pokolera kangowe, mbali yogona kumbuyo kwa khosi pamene thukuta la ku Mangochi kuno limadya. Ngati ndi mphete, onani mbali ya kuchikhatho. Golide weniweni amatha, inde, amapyapyala n'kusalala, koma mtundu wake susintha kuyambira pamwamba mpaka m'kati. Chopaka chimasenda, pansi pake n'kutuluka mkuwa wofiira kapena chitsulo chotuwa, malire ake ooneka ngati mapu. M'makona mumadzala dzimbiri lobiriwira.

Pa tcheni cha agogo timphete tapafupi ndi kangowe tinali titadyeka mpaka kutsala ngati ulusi, koma m'mikwasomo munali chikasu chomwecho. Chopaka sichikanafika pamenepo chisanaulule. Samalani ndi mtundu wina umene amamata golide wochindikala pa mkuwa: umapirira zaka zambiri, ndipo umayamba kuonekera m'mphepete mokha. Za khungu kuda musazidalire kwambiri, golide wa makarati 9 amadetsanso anthu ena.

Pofuna kutsimikiza, tinabwereka kasikelo kowerenga mpaka 0.01 g. Tcheni chinalemera magalamu 14.2. Tinaika kapu ya madzi pasikelo, n'kubweza pa ziro, kenako tinamiza tchenicho chili lende pa ulusi, chosagunda pansi kapena m'mbali. Sikelo inawerenga 0.80. Mukagawa 14.2 ndi 0.80 mupeza pafupifupi 17.7, ndiye pamene pamagwera makarati 22. Wa 18 amakhala cha pa 15.5, wa 9 cha pa 11, mkuwa sufika 9. Gwedezani kaye kuti thovu lichoke m'timphete, apo ayi yankho la kugawa kuja litsika. Njirayi sigwira pa zibangili zamphako kapena zinthu zamiyala, ndipo pa ndolo yopepuka sikelo imanama.

Asidi asiyireni mmisiri wa golide, amene amakhula chinthu pamwala wakuda n'kudonthezera pamzerewo. Musalole munthu kupala tcheni chanu ndi tupa musanagwirizane, ndipo woyesa asakhale yemweyo wofuna kugula. Azakhali anamanganso kansalu kawo, akuti akayezetsa ku Limbe akamapita kukaona mwana wawo mwezi wamawa.