Momwe mungasandutsire pepala la masamu kukhala mafunso osankha yankho

Aphunzitsi ambiri tikamalemba mafunso a A, B, C, D, mayankho atatu olakwika timangowatola m'mutu. Mwana akalakwa timangothetha, osadziwa chamusokoneza. Komatu yankho lolakwika likasankhidwa bwino limaulula pomwe pali vuto. Tiyeni tione ndi samu yochotsera mobwereka.

Yambani ndi makope, musanalembe funso lililonse. Perekani pepala la masamu lija monga mwa nthawi zonse, ana alembe okha mayankho. Pochonga, lembani pambali yankho lililonse lolakwika ndi kuwerenga kuti labwera kangati. M'makalasi odzaza ngati a ku Ndirande kapena ku Bangwe simungathe kuchonga onse tsiku limodzi, choncho makope 30 akwanira. Mudzaona kuti mayankho awiri kapena atatu ndi omwe akungobwerabwera.

Kenako fufuzani njira yomwe mwana anadzera. Titenge 62 − 38, yomwe yankho lake ndi 24. Wolemba 36 wachotsa nambala yaing'ono ku yaikulu mosasamala kuti ili pamwamba ndi iti: 8 kuchotsa 2, kenako 6 kuchotsa 3. Wolemba 34 wabwereka bwinobwino, 12 kuchotsa 8, koma waiwala kuti mateni atsala 5. Wolemba 30 waona kuti 2 kuchotsa 8 sizitheka, n'kungoikapo 0. Funso lanu ndi limeneli:

62 − 38 = ?
A. 36
B. 24
C. 30
D. 34

Musaikepo yankho ngati 7 kapena 950. Palibe mwana angalisankhe, ndiye kuti mwangomuchepetsera ntchito wolotera.

Pomwe ambiri timagwa m'mbuna ndi posankha manambala. Yesani 61 − 36. Wochotsa yaing'ono ku yaikulu apeza 35, woiwala kuchepetsa mateni apezanso 35. Zolakwa ziwiri zosiyana, yankho limodzi, ndipo simudzadziwa kuti mwanayo mumuthandize pati. Izi zimachitika mawani akasiyana ndi 5, monga 1 ndi 6 kapena 2 ndi 7. Ndiye samu iliyonse muiwerengere nokha m'njira zonse zolakwika musanaiike pa bolodi. Zikafanana, sinthani nambala imodzi.

Funso limodzi silokwanira, poti wongolotera amakhoza kamodzi pa kanayi. Lembani lina la mtundu womwewo, monga 53 − 27, mayankho ake 26, 34, 36 ndi 30, koma musinthe malo a zilembo. Sungani kapepala kanu kosonyeza kuti chilembo chilichonse chikuimira kulakwa kuti.

Popereka mafunsowa simufunika kusindikiza. Ana alembe A, B, C, D pa timapepala, muwerenge mpaka katatu, onse akweze nthawi imodzi kuti asaonerane. Amene asankha 34 poyamba ndi 36 kachiwiri muwakhazike pamodzi, muwapatse mitolo ya timitengo khumikhumi, amasule mtolo umodzi ndi manja awo, kenako awerenge mitolo yomwe yatsala.