Momwe mungadziwire matailosi otchipa pamene makatoni sakufanana

Ambiri tikalowa m'sitolo ya zomangira, kaya pa Nchalo, pa Ngabu kapena ku Limbe, timangofunsa kuti, "Katoni ndi zingati?" Funso limeneli limatidyera ndalama, chifukwa makatoni sakwana malo ofanana. Chofunika kudziwa ndi mtengo wa sikweya mita imodzi.

Choyamba, yang'anani pambali pa katoni pamene palembedwa m². Nambala imeneyo ndiye malo omwe katoniyo ikwane. Ngati yafufutika, werengerani nokha. Tailosi ya masentimita 40 mbali zonse ndi 0.4 × 0.4 = 0.16, ndipo akakhala 12 m'katoni, ndiye masikweya mita 1.92. Ya masentimita 60 mbali zonse ndi 0.6 × 0.6 = 0.36, ndipo akakhala anayi, katoni ikwana 1.44 basi. Ine sindidalira zongouzidwa pakamwa, ndimapempha kuti atsegule katoni imodzi ndiwerenge.

Kenako gawani mtengo wa katoni ndi nambala ija, pafoni pomwepo. Mitengo ndaika apayi ndi yongoyerekeza. Tinene kuti katoni ya matailosi aakulu aja ndi K21,600, pamene ya aang'ono ndi K24,000. Maso amathamangira yoyambayo. Koma 21,600 ÷ 1.44 ikupereka K15,000 pa sikweya mita, pamene 24,000 ÷ 1.92 ikupereka K12,500. Katoni yooneka yodula ija ndiye yotchipa.

Musalekere pomwepo, popeza masitolo ambiri sagulitsa theka la katoni. Yezani chipinda chanu. Ngati ndi mamita 4 mbali zonse, ndiye masikweya mita 16. Onjezerani gawo limodzi mwa magawo khumi, kuti ikhale 17.6. Owonjezerawa ndi a zidutswa zomwe mmisiri amadula m'mbali mwa khoma, komanso osweka panjira. Amene anatsikapo ndi katundu mtsetse wa ku Thabwa pochokera ku Blantyre akudziwa: mumafika kunyumba, mutsegule katoni yapansi, mupeze awiri athethekera pakona.

Tsopano 17.6 ÷ 1.44 ndi 12.2, kutanthauza makatoni 13, omwe ndi K280,800. Pomwe 17.6 ÷ 1.92 ndi 9.2, kutanthauza makatoni 10, omwe ndi K240,000. Kusiyana kwake ndi K40,800 pa chipinda chimodzi chokha. Nambala ikakhala ndi kachidutswa, nthawi zonse kwezerani m'mwamba. Mukachepetsa, mudzalipiranso ulendo wina chifukwa cha katoni imodzi, ndipo mwina mukapeza mtundu uja utatha kapena utasiyana pang'ono maonekedwe.

Masamuwa amanena zoona pokhapokha mukuyerekeza matailosi a mtundu umodzi. Apakhoma amakhala opyapyala ndipo sachedwa kusweka mukawaika pansi, choncho musawayerekeze ndi apansi. Musanalipire, onaninso kuti nambala yosonyeza mtundu ndi yofanana pa makatoni onse omwe akukupakirirani.