Momwe mungapangire mndandanda wosankhira wodalira unzake mu Excel

Pa fomu yolembera katundu amene watuluka mosungira, ndinkafuna kuti munthu akasankha gulu la katundu mu kolamu A, kolamu B izimuonetsa zinthu za gulu lokhalo basi. Njira yake ndi yopatsa mndandanda uliwonse dzina lofanana ndi dzina la gulu lake, kenaka nkuuza Excel kuti izitenga mawu amene asankhidwa mu A ngati dzina la mndandanda woti ioneke mu B.

Yambani ndi tsamba lapadera lotchedwa Mindandanda. Mu A1, B1 ndi C1 lembani mayina a magulu, mwachitsanzo Zamagetsi, Zolembera ndi Za m'nyumba, ndipo pansi pa dzina lililonse mundandalike zinthu zake: babu, batire ndi waya; pensulo, kope ndi rula; tsache, ndowa ndi loko. Sankhani maselo onsewo kuyambira A1 mpaka C4, dinani Ctrl+Shift+F3, ndipo pa bokosi la Create Names from Selection chongani Top row yokha.

Mndandanda woyamba sufuna zambiri. Pa tsamba la fomu sankhani A2 mpaka A100, tsegulani Data Validation, pa Allow sankhani List, ndipo pa Source lembani:

```
=Mindandanda!$A$1:$C$1
```

Wachiwiri mumaupanga chimodzimodzi pa B2 mpaka B100, koma Source yake ndi iyi:

```
=INDIRECT($A2)
```

Samalani ndi chizindikiro cha $. Mukadina selo ndi mbewa m'malo molemba, Excel imaika $A$2, ndipo mizere yonse imayamba kutsatira chimene chasankhidwa mu mzere wachiwiri.

Apa ndi pamene ndinataya tsiku lathunthu. Nditadina OK panatuluka uthenga wakuti "The Source currently evaluates to an error. Do you want to continue?" ndipo ndinavomera, podziwa kuti uthengawu umabwera A2 ikakhala yopanda kanthu. Ndinayesa Zamagetsi ndi Zolembera, zonse zinayenda bwino, ndipo fomu ndinaipereka. M'mawa mwake wogwiritsa ntchito anandiuza kuti akasankha Za m'nyumba, kamuvi ka mu B kakuoneka ndithu koma akakadina sipakutsika kalikonse, ngakhale uthenga wosonyeza cholakwa.

Gwero la vutoli ndi lakuti dzina la mndandanda mu Excel silingakhale ndi mpata kapena kachizindikiro kamene timalemba pakati pa m ndi n m'mawu akuti m'nyumba. Choncho mawu a mu A2 anali Za m'nyumba, koma mndandanda wa dzina lolembedwa choncho kunalibe, ndipo INDIRECT inkafunafuna chinthu chosakhalapo. Kuti mutsimikize, lembani fomula iyi mu selo ina iliyonse yopanda kanthu pa tsamba la fomu:

```
=ROWS(INDIRECT($A2))
```

Ikabweza 3, ndiye kuti mndandanda wapezeka ndipo uli ndi zinthu zitatu. Ikabweza #REF!, dzina silikugwirizana ndi mawu osankhidwawo. Zikatero dinani Ctrl+F3 kuti mutsegule Name Manager, muone dzina limene lilipo, ndipo muonetsetse kuti lalembedwa Za_m_nyumba. Kenaka sinthani Source ya kolamu B kuti iziika _ m'malo mwa mpata ndi kachizindikiroko isanayambe kufufuza dzina:

```
=INDIRECT(SUBSTITUTE(SUBSTITUTE($A2," ","_"),"'","_"))
```

Ngakhale nditakonza zimenezi, gulu lija linakanabe, mpaka ndinayang'anitsitsa C1 nditakulitsa zilembo. Mutuwo ndinaukopera kuchokera mu Word, imene imapinda kachizindikiro kaja, pomwe fomula inkafuna kowongoka. Pa maso ziwirizi zimafanana, koma kwa Excel ndi zilembo zosiyana, ndipo nditaulembanso ndi dzanja mutuwo zonse zinayenda. Njira yachidule, imene ndimatsata tsopano ndikakhala ndi ufulu wosankha mayina, ndi yopatsa gulu lililonse dzina la mawu amodzi. Mafayilo opangiratu amene ena amagulitsa pa intaneti sindimawakhulupirira, chifukwa imene ndinayesapo inali yokhomedwa moti sindinathe kuona mayina ake, komanso inkapempha kuti ndidine Enable Content pa ntchito imene fomula imodzi ikukwanira.

Zotsala ndi zazing'ono. Ngati mindandanda ili yosiyana kutalika, yaifupi imatenga maselo opanda kanthu, choncho ifupikitseni pa Refers to mu Name Manager. Ngati kompyuta yanu ikukana makoma m'fomula, ikani chizindikiro cha ; m'malo mwake. Dziwaninso kuti munthu akasintha gulu mu A atasankha kale mu B, chakalecho chimakhala pomwepo, moti tsache likhoza kuoneka pansi pa Zamagetsi. Conditional Formatting pa B2 mpaka B100 ikhoza kupaka utoto wofiira selo yotereyi ndi fomula iyi:

```
=AND($B2<>"",COUNTIF(INDIRECT(SUBSTITUTE(SUBSTITUTE($A2," ","_"),"'","_")),$B2)=0)
```