Kodi chomera chili pachithunzichi ndi namasupuni?

Funso: Ndajambula chomera choyandama padamu. Ndingadziwe bwanji ngati ndi namasupuni?

Yankho: Choyamba kulitsani chithunzicho pa phesi la tsamba. La namasupuni limakhala lotupa pakati, ndipo mukalidula mkati mwake muli timabowo ta mpweya ngati siponji. Koma samalani: akathithikana, mapesi amatalika osatupa, ndiye onaninso masamba. Ndi osalala, onyezimira, obulungira. Duwa ndi lapepo motuwira, lokhala ndi kadontho kachikasu pa kachigawo kapamwamba. Mukazula chimodzi, jambulaninso mizu, yomwe imakhala yakuda, yooneka ngati nthenga.

Akapezeka, musamuduledule m'madzi, chifukwa mphukira iliyonse yoduka imakhala chomera chatsopano. Kukatentha, amatha kuwirikiza kawiri m'masabata awiri, n'kutseka kuwala ndi mpweya, nsomba n'kufa. Muvuuleni yense, aume kutali ndi madzi.