Ziro amene anasowa m'kaundula wa alimi a thonje

Nditaphatikiza makaundula a alimi a thonje ochokera ku Ngabu ndi ku Bangula, chiwerengero chinaposa anthu amene ndimawadziwa. Vuto linali manambala a foni. Mlimi mmodzi analembedwa katatu: poyamba ndi 0, kwina ndi +265, kwina popanda ziro, chifukwa Excel ikaona nambala imachotsa ziro wakutsogolo.

Pokumbukira kuti nambala ya foni yam'manja kuno ili ndi manambala 9 ukachotsa ziro kapena 265, mu danga latsopano ndinalemba:

```
="0"&RIGHT(SUBSTITUTE(B2," ",""),9)
```

Kenako ndinayang'ana kutalika ndi LEN. Iliyonse yosakwana 10 inali yolembedwa moperewera, ndipo ndinaiika padera kuti ndikafunse kumudzi. Anzathu a tsidya la Mozambiki, a +258, ndinawachotsa ndisanayambe, apo ayi fomulayi ikanawasandutsa Amalawi.

Maina ndinawakonza ndi TRIM ndi PROPER, koma sindinafufute obwereza potengera nambala yokha. Kuno banja lonse limagwiritsa foni imodzi; mayi ndi mwana wawo ndi alimi awiri. Ndinafufuta pokhapokha dzina, mudzi ndi nambala zikafanana, ndipo okayikitsa ndinawaimbira.