Lipoti Lofanana Tsiku Lililonse

"Pulogalamu yathu ku Limbe imawerenga malisiti usiku uliwonse, koma ikapeza palibe chilichonse siyilemba lipoti. Tikonze bwanji?"

Musanayambe, tengani malipoti awiri akale, la tsiku lotanganidwa ngati kumapeto kwa mwezi ndi la Lamlungu, kuti muone mizere yofunika.

1. Sankhani mizere yosasintha, iziikidwa m'dongosolo lomwelo nthawi zonse:

```
date: 2024-03-31
status: OK
read: 0
accepted: 0
rejected: 0
```

2. Pamene palibe chopezeka, lembani 0. Osasiya mzere wopanda kanthu kapena kuuchotsa.

3. Apa mpamene ambiri amalakwitsa. Ziro ali ndi matanthauzo awiri. Mwina sitolo sinagulitse, mwina magetsi anazima pulogalamu isanatsegule fayilo. Ikalephera kuwerenga, `status` ikhale `FAILED`, ndipo manambala akhale `n/a`, osati 0. Mukapanda kutero, woyang'anira adzaganiza kuti kunalibe makasitomala pomwe malisiti ali phee m'kompyuta, osawerengedwa.

4. Onetsetsani kuti `accepted` kuphatikiza `rejected` zikukwana `read`. Mukawerenga 240 nkulandira 231, okanidwa akhale 9.

5. Mndandanda wa malisiti okanidwawo uzikhala pansi penipeni, kuti mizere isanu yapamwamba isasunthe ngakhale tsiku litachuluka ntchito.