Mutu wa imelo woti abwana ayankhe msanga

"Ndatumiza imelo kwa abwana ku Kasungu kuti asaine fomu ya mafuta koma zii. Pamutu ndizilemba chani?"

Musanalembe dziwani chomwe mukufuna achite ndi tsiku lomaliza.

1. Pa `Subject` yambani ndi ntchitoyo: Sainani, Vomerezani, Lipirani.
2. Tchulani chinthucho, fomu yake iti.
3. Ikani deti lenileni, osati "mawa", mwina adzatsegula mkucha.
4. Fupikitsani, pafoni mawu akumapeto amaduka.

Ikhale chonchi: "Sainani fomu ya mafuta a ku Santhe pofika Lachinayi pa 14".

Ambiri amalakwitsa poyambapo, amangoti "Pempho" kapena "Zachangu", nde abwanawo ali pamsonkhano sadziwa ngati mukufuna siginecha kapena ndalama, amangoti ndiona bwino basi yakwiririka.